Lipoti: kufupikitsa maimelo a thiraki yoima pa Kasumbalesa kukhala chidule cha Chifalansa

Mmene nkhani inalili

Ntchitoyi inachitika mu ofesi ya kampani ina ya ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, imene imagulitsa ufa wa soya kwa opanga chakudya cha nkhuku ku Lubumbashi. Katundu amanyamuka pa mathiraki kudzera ku Mchinji ndi Mwami, n'kudutsa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Chingola mpaka pa boda ya Kasumbalesa, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Lubumbashi sipakwana makilomita 100. Ine ndimalemba ndi kumasulira makalata a kampaniyi pakati pa Chingerezi ndi Chifalansa, chifukwa ogula athu ndiponso anzathu a mu ofesi ya ku Congo amagwira ntchito m'Chifalansa.

Mathiraki awiri ananyamuka kumapeto kwa Marichi. Yoyamba inakafika n'kutsitsa katundu. Yachiwiri, yonyamula matani 30, inaima kumbali ya Zambia kuyambira pa 3 Epulo, ndipo mwini thiraki anayamba kuwerenga ndalama za masiku oima. Mkati mwa vutoli ndi pamene mayi wina anayamba ntchito ngati mkulu wa malonda athu a ku Congo. Chingerezi amachimva pang'ono, ndipo sabata imeneyo anali ku Kinshasa. Mnzathu wa ku malonda anangodina `Forward` pa imelo yomaliza n'kuwatumizira zonse, maimelo oposa 40 olumikizana, ambiri a Chingerezi, ena a Chifalansa, pamwamba atalembapo mzere umodzi wokha woti adziwe. Pa 10 Epulo m'mawa abwanawo anayankha kuti sakuona chimene tikufuna kwa iwo, ndipo anapempha chidule cha tsamba limodzi.

Funso lawolo ndi limene linatsogolera ntchito yonse. Mfumu ikafika mochedwa pabwalo la mlandu sifuna kuti aliyense abwereze mawu ake kuyambira pachiyambi. Imafunsa kuti zafika pati, mwagwirizana ziti, zatsala ziti, ndipo mukudikira chiyani kwa ine. Chidule chimene chimangofotokoza maimelo mmene anabwerera, uyu anati, uyo anayankha kuti, chimakhala chachifupi ndithu, koma chimamusiyira bwana ntchito yomweyo imene anaithawa.

Kuwerenga kuchokera pansi

Maimelo otumizidwa chotere amasanjika chozondoka: yatsopano pamwamba, yakale pansi. Ndinatsikira pansi penipeni n'kuyamba kukwera, nditatsegula pepala lina pambali la mizati inayi: tsiku, wolemba, zimene wanena, ndi kulimba kwa zimene wanenazo. Mzati wachinayiwu ndi umene uli ndi phindu lenileni. Pa mzere uliwonse ndinkadzifunsa ngati izi zasainidwa, ngati wina wangonena popanda umboni, ngati ndi pempho losayankhidwa, kapena ngati zinasinthidwa ndi imelo ya pambuyo pake. Maimelo ambiri sanalowe m'pepalali nkomwe, chifukwa anali ongothokoza, okumbutsa, kapena a munthu wofunsa zimene mnzake anayankha kale. Otsala anali ochepera theka.

Malire a imelo ina ndi inzake amaoneka pa timizere tapamwamba. Kwa amene Outlook yawo ili m'Chingerezi timayamba ndi `From:` ndi `Sent:`, kwa a Chifalansa ndi `De :` ndi `Envoyé :`, ndipo pamutu wa kalata `FW:` amasanduka `TR:`. Timizereti musamatidumphe. Mzere wa `To:` ndi wa `Cc:` ndi umene umakuuzani amene anaiona imeloyo ndi amene sanaione, ndipo ndi pamenepo pamene ndinapeza chinthu chachikulu pa nkhani yonseyi.

Mu imelo ya pa 9 Epulo, mnzathu wosunga ndalama analemba kuti tiganizire mtengo umene mwini thiraki watchula dzulo. Koma m'maimelo onse amene anatumizidwa kwa abwana munalibe kalata ya mwini thiraki ya pa 8 Epulo. Mtengo wokhawo umene unkaoneka unali madola 250 pa tsiku. Apa ndinadziwa kuti nthambi ina ya zokambirana yasowa. Zimachitika chonchi: munthu akadina `Reply` m'malo mwa `Reply All`, yankho lake limapita kwa munthu mmodzi, ena onse n'kupitiriza kuyankhana pa imelo yakale, ndipo amene adzadine `Forward` pambuyo pake amatumiza nthambi imene ali nayo iye basi. Chizindikiro chake n'chimodzimodzi nthawi zonse: wina akutchula zinthu ngati aliyense akuzidziwa, inu osazipeza paliponse. Ndinapita pa desiki ya mnzathuyo n'kumupempha atsegule bokosi lake. Kalatayo inalimo. Mwini thiraki anavomera kutsitsa mtengo kufika pa madola 200 pa tsiku, kuwerengera masiku onse oima, ngati tivomera pasanafike 12 koloko masana pa 11 Epulo. Ndiye kuti chisankho chokhacho chimene chinkadikira abwana, chokhala ndi tsiku limodzi lokha, sichinali m'maimelo amene iwo analandira.

Mafayilo omatidwa nawonso amasowa mofananamo. Poyankha imelo, fayilo yomatidwa siitsatira. Potumiza kwa wina, imapita fayilo ya imelo yomalizayo yokha. Choncho abwana anali ndi mawu onena za mgwirizano wosainidwa, za invoisi yokonzedwanso ndi za chikalata cha katundu wolowa ku Congo chotchedwa FERI, koma fayilo iliyonse mwa zitatuzi analibe. Ndinazifunafuna zonse ndisanalembe liwu limodzi la Chifalansa, chifukwa sindifuna kulemba kuti mgwirizano ukunena zakutizakuti ndikudalira zimene wina anakumbukira mu imelo.

Zimene mapepala anaonetsa

FERI ndi chikalata chimene bungwe la boma la Congo la OGEFREM limapereka pa katundu wolowa m'dzikomo. Cha thiraki yachiwiri chinalembedwa potsatira invoisi yoyamba ya matani 28. Pokweza katundu, matani anakwana 30, invoisi inakonzedwanso, koma FERI inatsala ndi 28. Ejenti wotulutsa katundu pa boda anakana kuolotsa thiraki mapepala akusiyana chonchi, n'kupempha kuti chikalatacho chikonzedwe kaye. Chifukwa cha kuimako chinali chimenechi, ndipo chinakwana m'chiganizo chimodzi, ngakhale kuti m'maimelo chinabalalika pakati pa kulozana zala kwa anthu anayi.

Nkhani yovuta inali ya amene alipire. Mgwirizano wosainidwa unati DAP Lubumbashi. Pa malamulo a malonda a pakati pa mayiko otchedwa Incoterms 2020, DAP imatanthauza kuti wogulitsa amafikitsa katundu pamalo otchulidwawo, koma kumulowetsa m'dziko ndi kulipira msonkho wake ndi udindo wa wogula. Pa DDP zonsezo zimagwera wogulitsa. Pa 27 Marichi wogula analemba DDP mkati mwa imelo yonena zina, ndipo mnzathu wa ku malonda anayankha ndi liwu limodzi, `Noted`. Kuyambira pamenepo wogula ankalankhula ngati mgwirizano wasintha, ife tikulankhula ngati sunasinthe, ndipo panalibe amene anafunsa mnzake mwachindunji.

Pano m'pamene wolemba chidule amayesedwa. Ndikanalemba kuti katundu anagulitsidwa pa DAP, choncho alipire wogula, ndikanakhala kuti ndaweruza mlandu umene maimelo sanaweruze, ndipo ngakhale DAP yomweyo siyankha funso la amene analakwitsa FERI. Ndikanalemba kuti mbali ziwiri zinagwirizana DDP, ndikanasandutsa liwu limodzi losamveka bwino kukhala siginecha. Ndinalemba zimene ndinaziona ndi maso: mgwirizano ukuti DAP, wogula analemba DDP pa tsiku lakuti, palibe pepala losintha mgwirizano, nkhaniyi sinathe. Ine ndimaona kuti apa m'pamene zidule zambiri zimawonongekera, ndipo kawirikawiri si chifukwa cha Chifalansa choipa. Wolemba amafuna kuti chidule chake chimveke chotha bwino, ndiye amatseka zimene zili zotsegula, bwana n'kukalankhula ndi wogula ali ndi chitsimikizo chimene palibe anachipereka.

Manambala, masiku ndi nthawi

Ndalama ndinaziwerengera ndekha m'malo mokopera za m'maimelo, popeza aliyense ankatchula chiwerengero cha tsiku limene analemba. Thiraki inafika pa 3 Epulo, ndipo mgwirizano wathu ndi mwini thiraki unapereka masiku awiri osalipira. Kuwerenga kunayamba pa 5. Kufika pa 10 ndi masiku 6, ndiye madola 1,500 pa mtengo wakale, madola 1,200 pa mtengo wotsitsidwa. Koma chiwerengero cholembedwa chonchi n'choopsa m'kalata ya Chifalansa, chifukwa kumeneko chizindikiro cha koma chimagwira ntchito imene ife timapatsa kadontho. Wowerenga Chifalansa akaona `1,500` amawerenga imodzi ndi theka. Masauzande amalekanitsidwa ndi kampata, `1 500 USD`, ndipo matani 28 ndi theka akanalembedwa `28,5 t`.

Masiku nawo anali ndi msampha wake. Kompyuta ya mmodzi mwa olemba inkaika mwezi patsogolo monga amachitira ku America, moti tsiku limene thiraki inafika linkaoneka `4/3`. Munthu wa Chifalansa amaika tsiku patsogolo, ndipo awerenga 4 Marichi, n'kuganiza kuti thiraki yakhala pa boda mwezi wathunthu ndi masiku ena. M'chidule ndimalemba mwezi m'mawu nthawi zonse, ndi chilembo chaching'ono monga Chifalansa chimafunira, `3 avril`. Mawu onga dzulo, mawa, kapena Lachisanu likubwerali sindiwalola kulowa, chifukwa dzulo la imelo ya pa 9 si dzulo la tsiku limene bwana akuwerenga.

Za nthawi, Lilongwe, Lusaka ndi Lubumbashi zimayendera wotchi imodzi, koma Kinshasa ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Mwini thiraki analemba 12 koloko ali ku Lusaka. Kwa abwana amene anali ku Kinshasa, imeneyo inali 11 koloko. Ndinalemba nthawi zonse ziwiri, ndipo pamutu wa kalata ndinaika ya kumene iwo anali.

Kulemba Chifalansacho

M'maofesi a Chifalansa muli mitundu ya makalata imene anthu amaidziwa ndi mayina. `Compte rendu` imafotokoza zimene zinachitika, kawirikawiri motsatira mmene zinayendera. `Note de synthèse` imasonkhanitsa zochokera m'mapepala ambiri n'kuzisanja malinga ndi mitu, wolemba osaikapo maganizo ake. Imene abwana ankafunika inali yachiwiriyi, koma yaifupi, ndipo chisankho chili pamwamba. Ndinasintha mutu wa kalata kotheratu, chifukwa wakale unali utadzaza `RE:` ndi `FW:` ndipo unkanenabe za mtengo wa soya, nkhani imene inatha kale mu Marichi. Chiyambi chinali ichi:

```
Objet : Pour décision avant le 11 avril, 11 h (Kinshasa) – camion 2 bloqué à Kasumbalesa

Madame la Directrice,

Décision attendue : accepter ou non le tarif réduit du transporteur
(200 USD par jour au lieu de 250 USD). L'offre expire le 11 avril
à 12 h, heure de Lusaka, soit 11 h à Kinshasa.
```

Mawu awiri oyamba a mutuwo akuti kalatayi ikufuna chisankho, si yongodziwitsa. Bwana amene akuwerenga pa foni ali pakati pa misonkhano akhoza kuthera pa mizere imeneyi, ndipo akhala atadziwa kale chimene akufunsidwa ndi nthawi yake. Malonje ndinawasunga aulemu, dzina la udindo wawo, ndipo kalata yonse inali pa `vous`. Munthu amene simunaonanepo naye, wamkulu kwa inu pa ntchito, simumulembera `tu`, monganso ife sitinganene iwe kwa abwana.

Gawo lotsatira linasanjidwa potengera mzati wachinayi uja wa m'pepala langa:

```
Situation au 10 avril : camion 1 livré. Camion 2 (30 t) immobilisé
côté zambien depuis le 3 avril, la FERI indiquant 28 t et la facture
corrigée 30 t. Frais depuis le 5 avril : 1 500 USD au tarif plein,
1 200 USD au tarif réduit.

Non confirmé : selon le transitaire, la FERI rectifiée serait prête le 12 avril.

En suspens : qui supporte ces frais. Le contrat signé indique DAP
Lubumbashi ; le client a écrit « DDP » le 27 mars, sans avenant.
```

Onani mzere wapakatiwo. Ejenti analemba kuti FERI yokonzedwa ituluka pa 12 Epulo, koma sanatumize umboni uliwonse, ndipo anali atalonjezapo tsiku lina m'mbuyomo losakwaniritsidwa. Ife m'Chichewa tikamanena zongomva timati akuti. Chifalansa chili ndi njira yake yochitira zomwezo mkati mwa mneni: `serait prête` akutanthauza kuti akuti ikhala yokonzeka, pamene `sera prête` akutanthauza kuti idzakhala yokonzeka ndithu. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri, koma wowerenga Chifalansa amakumva pompopompo, chifukwa manyuzipepala awo amagwiritsa ntchito kalembedwe komweka pa nkhani zosatsimikizika. Ndinawonjezera `selon le transitaire` kuti zidziwike amene wanena. Ndikanalemba `sera`, lonjezo la ejenti likanasanduka lonjezo langa, ndipo abwana akanawerengera ndalama zawo potengera tsiku limene palibe analitsimikiza.

Liwu lina limene ndinalipewa ndi `délai`. Maimelo a Chingerezi ankanena za kuchedwa, `delay`, pafupifupi paliponse, ndipo dzanja limathamangira liwu lofanana nalo. Koma `délai` ndi nthawi imene mwapatsidwa kuti muchite chinthu, pamene kuchedwa ndi `retard`. Mukalemba kuti pali `délai` ya masiku 6, bwana akhoza kumva kuti tili ndi masiku 6 m'manja, pamene zoona zake tataya masiku 6. N'chimodzimodzi `éventuellement`, amene amatanthauza mwina, osati pamapeto pake monga `eventually` wa Chingerezi. M'chidule cha nkhani ya ndalama, mawu awiri amenewa ndimawafufuza mwapadera ndisanatumize.

Pansi pa zimenezi ndinaika mizere itatu yonena amene akuchita chiyani ndi tsiku lake: ejenti akutsatira FERI, wosunga ndalama akudikira yankho la abwana kuti alembere mwini thiraki, wa ku malonda sanalankhulebe ndi wogula za DAP. Anthu ndinawatchula ndi maudindo awo, dzina n'kuliika kamodzi kokha, popeza kwa munthu watsopano mayina asanu ndi limodzi achilendo sathandiza kanthu. Kenaka ndinamata mafayilo anayi, mgwirizano, invoisi, FERI ndi kalata yosowa ija ya mwini thiraki, iliyonse nditaipatsa dzina la Chifalansa loyamba ndi nambala, ndipo m'chidulemo ndinaika nambalayo pafupi ndi mfundo imene ikuichitira umboni.

Zimene ndinasiya dala

M'maimelo munali mawu okalipa. Wogula anatinena kuti sitidziwa ntchito, ndipo anzathu awiri analozana zala poyera za amene anaiwala kuuza ejenti kuti invoisi yasintha. Sindinamasulire chilichonse cha zimenezi. Ndinangoika chiganizo chimodzi chakuti wogula wakwiya ndipo wakumbutsa kangapo, chifukwa abwana ayenera kudziwa zimenezo asanamuimbire foni. Koma funso la amene analakwa mu ofesi mwathu linalibe yankho m'mapepala, ndipo kulilowetsa m'kalata yoyamba imene bwana watsopano akuwerenga kukanamupatsa chithunzi cha munthu amene sanakumanepo naye, chochokera pa ine. Zimenezi ndimaziona ngati nkhani ya chilungamo. Maimelo onse anali nawo kale, ndipo ndinawauza kuti kukanganako kuli m'maimelo a pakati pa 6 ndi 8 Epulo ngati afuna kukuwerenga okha.

Maganizo anga pa chisankho sindinawasakanize ndi mfundo. Abwana sanawapemphe. Wosunga ndalama anali nawo ake, akuti tivomere mtengo wotsitsidwa, ndipo ndinawalemba pansi pa udindo wake.

Kuyesa chidule chisanapite

Ndinachita zinthu ziwiri. Choyamba, ndinatenga nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi chilichonse chonenedwa ngati chotsimikizika, n'kuchiloza pa imelo kapena fayilo imene chachokera. Chimene sichilozeka chimachoka, kapena chimatsikira pansi pa mutu wa zosatsimikizika. Chachiwiri, ndinatumiza chidulecho kwa mnzathu wa mu ofesi ya ku Lubumbashi amene sanali m'maimelowo, n'kumufunsa pa foni mafunso atatu: abwana akufunsidwa chiyani, pofika liti, ndipo n'chiyani chimene sitikuchidziwa. Anayankha onse atatu osabwerera kukawerenganso. Akanazengereza pa limodzi, ndikanadziwa gawo loyenera kulembedwanso. Munthu amene anali m'maimelo sayenera kukhala woyesa, chifukwa amadzaza yekha m'mutu mwake mipata imene mwasiya.

Zotsatira ndi malire a njirayi

Abwana anayankha masana omwewo ndi mizere iwiri. Anavomera madola 200 pa tsiku, n'kulamula kuti kalata yopita kwa mwini thiraki ndi yopita kwa wogula zinene kuti kulipiraku sikukutanthauza kuti tavomera kuti ndife oyenera kulipira ndalamazo. Funso la DAP ndi DDP analitumiza kwa loya wa kampani, ndipo kumeneko chidule changa sichinali chokwanira. Loya amafuna mawu enieni a imelo ya pa 27 Marichi ndi yankho lake, m'Chingerezi mmene analembedwera, pamodzi ndi timizere tapamwamba tosonyeza wotumiza, wolandira ndi nthawi. Pa nkhani imene ingafike pokangana za mgwirizano, chidule chimangothandiza kulozera pamene pali umboni.

Chidule chotere chimathanso ntchito msanga, n'chifukwa chake mzere wa mmene zinthu zilili unali ndi tsiku lake, `Situation au 10 avril`. Pa 12 Epulo FERI inali isanatuluke, ndipo ndalama zinali zitakwera ndi madola 400 pa mtengo watsopano. Sindinayankhe pansi pa chidule choyamba, chifukwa kutero n'kuyambitsa mndandanda wina wa maimelo wonga umene tinkauthawa. Ndinatumiza tsamba lomwelo nditasintha tsiku, ndalama ndi mzere wa ejenti, zosinthazo nditazilemba ndi zilembo zakuda kwambiri, ndipo mutu wa kalata unayamba ndi `Pour information` popeza panalibenso chisankho chodikira abwana. Ndinapitiriza chonchi mpaka thiraki itaoloka n'kukatsitsa katundu ku Lubumbashi.